Abwereze Giredi 4 kapena apite ku Giredi 5?

*"Aphunzitsi, mnyamata wanga akutsiriza Giredi 4 pasukulu yaboma, amalowa masana. Akwanitsa zaka 11 mu Malichi. Temu yatha anali nambala 63 pa ana 71. Kuwerenga kumamuvuta kwambiri, koma makope ake ndi aukhondo, zapabolodi amakopera bwinobwino, ndipo ndikamusiya pa kantemba sasokoneza chenji. Ali Giredi 2 tinakhala ku Katete matemu awiri ndikudwazika amayi anga, sukulu sankapita. Atate ake akuti abwereze basi. Aphunzitsi ake anangoti tidzaona. Kodi ndikapemphe kuti abwereze? Nanga ahedi amayang'ana chiyani kuti alole kapena akane?" Mayi wa ku Mtendere.*

Amayi, nambala 63 ija muyambe mwaiika pambali. Mwana wosawerenga amagwa mayeso onse olemba, ngakhale a sayansi imene akuidziwa bwino, chifukwa amagwera pafunso asanafike n'komwe pa yankho. Ndiye lipoti lake limaoneka ngati walephera maphunziro ambirimbiri, pamene chimene chamugwetsa n'chimodzi. Ine chidwi changa chili pa matemu awiri a ku Katete aja, pa chenji, ndi pa makope aukhondowo.

Temu imakhala ndi masabata pafupifupi 13. Mwana wanu anataya masabata 26 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo anawataya pamalo oipa. Pa maphunziro amene anayamba kugwira ntchito mu 2014, ana a muno mu Lusaka amaphunzira kuwerenga m'Chinyanja, ndipo ntchito yogwira mamvekero a malembo ndi kuwalumikiza kukhala maphatikizo imachitika ku Giredi 1 ndi 2. Ku Giredi 2 n'kumene mwana amazolowera maphatikizo olemera aja, monga nkha, mbwe, tsi, ndwa, mpaka diso lake kumawagwira osaganizira. Akadutsa pamenepo, palibenso mphunzitsi amene silabasi imamuuza kuti abwerere kukaphunzitsa zimenezi. Wa Giredi 3 amayamba ndi ndime. Wa Giredi 4 amapereka nkhani n'kufunsa mafunso. Mwana amene anaphonya maphatikizo amangokhala chete n'kupeza njira yopulumukira, ndipo njira yodziwika kwambiri ndi yomwe mwaionayo, kukopera mwaukhondo. Kukopera ndi kujambula. Ndaonapo ana odzaza kope lonse ndi zilembo zokongola, mizere yowongoka, madeti pamwamba, koma ukaloza liwu limodzi limene alemba okha n'kuti werenga apa, amayang'ana pawindo.

Apa mpamene ndimasiyana pang'ono ndi atate ake. Akabwereza Giredi 4, akapeza zinthu za Giredi 4. Zimene akusowazo ndi za Giredi 2, ndipo m'kalasi imeneyo mulibe. Kubwereza kumangogula nthawi. Nyemba zikakana kupsa chifukwa makala atha pambaula, kuzisiya pomwepo ola lina sikuzifewetsa. Ofufuza m'maiko ambiri apeza zofanana: mwana wobwereza amakwera pang'ono m'chaka chobwerezacho, poti zina anazionapo kale, koma pakapita zaka ziwiri zitatu amabwerera kumunsi, ndipo obwereza amasiya sukulu kwambiri kuposa anzawo. Kafukufuku wa SACMEQ, amene amayesa ana a Giredi 6 m'maiko a kuno kumwera ndi kum'mawa kwa Afilika kuphatikizapo Zambia, amaonetsanso kuti ana amene anabwerezapo amakhalabe m'munsi mwa osabwereza. Izi sizikutanthauza kuti kubwereza ndiko kunawagwetsa, pakuti anali ofooka kale. Koma zikuonetsa kuti sikunawadzutsenso.

Komabe sindikunena kuti asabwereze. Ana amene ndawaona akupindula nako ndi a mtundu wodziwika: amene chinawabweza m'mbuyo chikudziwika ndipo chinatha, monga matenda, kusamuka, kapena kulembetsedwa ali aang'ono kwambiri, ndiponso chaka chachiwiricho chinasiyana ndi choyamba. Mbali yoyambayo mwana wanu ali nayo, poti chifukwa chake mwachitchula nokha. Yachiwiriyo ndi imene sitinaidziwe. Ndipo tisanafike kumeneko, tiyenera kudziwa pamene waima.

Mungamuyese nokha kunyumba, ndipo sizitenga theka la ola. Sankhani nthawi yoti wadya, azibale ake ali panja, atate ake kulibe ngati amawaopa. Musamuuze kuti ndi mayeso. Tengani pepala mulembe malembo khumi osatsatana, monga m, t, e, k, s, u, b, l, o, n, ndipo awatchule mmene amamvekera m'Chinyanja. Ana ambiri a m'tauni amaimba "e, bi, si, di" bwino kwambiri koma sadziwa kuti b ndi a zimapanga ba, ndiye nyimbo ija isakunamizeni. Akadutsa, lembani maphatikizo opepuka, ma, te, ku, so, kenako olemera, mwa, nkha, tsi, mbwe. Kenako mawu asanu wamba: mutu, galu, nsomba, chingwe, mphika. Ndiye mulembe mawu awiri atatu opeka, opanda tanthauzo, monga tamo, lesu, nkhobi. Amenewa ndi ofunika kuposa enawo. Mwana wochenjera, ndipo wanu ndi wochenjera, amaloweza maonekedwe a mawu odziwika n'kumalota otsalawo poona chilembo choyamba. Liwu lopeka sangalilote. Akaliwerenga, ndiye kuti kulumikiza akukudziwa, vuto ndi liwiro chabe. Akati "tate" pamene mwalemba tamo, ndiye kuti akungoponya.

Akafika pamenepo ali bwino, mupatseni ziganizo zinayi zazifupi za zinthu za pakhomo panu. Mwachitsanzo: "Amayi apita ku Soweto. Agula tomato ndi kapenta. Basi yachedwa kubwera. Afika kunyumba usiku." Mvetserani ngati akuwerenga liwu ndi liwu kapena akudula phatikizo lililonse palokha, a-gu-la to-ma-to, mpaka pofika kumapeto waiwala poyambira. Mufunseni kuti amayi agula chiyani ndipo achedwa chifukwa chiyani. Pomaliza mumuwerengere inuyo kankhani kena iye akungomvera, mumufunse mafunso. Mwana amene amayankha zonse akamva koma amalephera akawerenga yekha, mutu wake uli bwino, chotseka ndi chitseko cha malembo. Amene amalephera ngakhale zongomvera, ameneyo nkhani yake ndi ina, ndifikako.

Masamu muchite chimodzimodzi kawiri. Mufunseni pakamwa kuti munthu wagula za K27 wapereka K52, chenji ndi zingati. Kenako mulembe 52 pamwamba, 27 pansi, achotsere papepala. Ndikukhulupirira pakamwa akuuzani K25 msangamsanga. Papepala musadabwe akalemba 35. Yankho limenelo limatuluka mwana akaona kuti 2 kuchotsa 7 sizitheka, n'kutembenuza kuti 7 kuchotsa 2 ndi 5, kenako 5 kuchotsa 2 ndi 3. Si umbuli umenewo. Ndi kubwereka kumene sanaphunzitsidwe, ndipo mwana wodziwa kale kuti yankho ndi 25 amakugwira m'masiku ochepa akamuonetsa ndi timitolo ta machesi khumikhumi.

Musanapite kusukulu, yesaninso maso ndi makutu. Popeza amakopera bwino zapabolodi, maso akutali mwina ali bwino, komabe mutsekeni diso limodzi awerenge nambala za pakalenda ali chapatali, kenako linalo. Makutu ndiwo amabisala kwambiri. Ngati anatulukapo mafinya m'khutu ali wamng'ono, kapena amakonda kunena kuti "mwati?", kapena samva mukamuitana chapansipansi ali chofulatira, yambirani ku kiliniki ya kwanu, akulemberani kalata ngati pafunika kupita ku UTH kapena ku chipatala cha Beit CURE, kumene amayeza makutu. M'kalasi ya ana 71, mwana wakumva pang'ono amene wakhala kumbuyo sangasiyanitse pa ndi pha, ndipo kubwereza kangati konse sikungachiritse zimenezo.

Tsopano za ahedi. M'masukulu aboma a pulayimale, mwambo wake ndi wakuti mwana amakwera ndi anzake chaka ndi chaka. Kubwereza kumachita kupemphedwa, ndi kholo kapena ndi mphunzitsi wa kalasi, ndipo ahedi ndiwo amagamula atamva mbali zonse. Aphunzitsi aja ponena kuti tidzaona sikuti anakuthawani. Si iwo amene amalemba mndandanda wa makalasi a chaka chamawa.

Choyamba chimene ahedi amatsegula ndi kaundula wa kujomba. Ngati mwana chaka chino chomwe wajomba masiku ambiri, pempho lanu lafooka kale, chifukwa adzafunsa kuti chidzasintha n'chiyani chaka chamawa. Ana olowa masana ndimawaikira chidwi pamenepa. M'mawa amatumidwa kukatunga madzi, kukhala pa kantemba, kulera mng'ono wawo, ndiye amafika atachedwa ndiponso atatopa, ndipo nthawi yawo yophunzira ndi yochepa kale. Sindikukuimbani mlandu, amayi, ntchito za pakhomo tonse tinakulira zomwezo. Koma ahedi akafunsa kuti m'mawa amachita chiyani, mukhale ndi yankho.

Chachiwiri ndi zaka. Pa maphunziro a 2014 aja, zaka zoyambira Giredi 1 ndi 7, ndiye wa Giredi 5 amayenera kukhala ndi 11. Mwana wanu ali pamzere ndendende. Akabwereza adzatsala ndi chaka chimodzi chokha, ndipo m'masukulu a m'makomboni athu, mmene ana ambiri amayamba mochedwa, palibe angamuloze chala chifukwa cha msinkhu. Pamenepa pempho lanu ndi lopepuka. Akanakhala wa zaka 13, ine ndikanakana pomwepo. Mnyamata wandevu zoyamba kumera sakhala nthawi yaitali pakati pa ana a zaka 9, amayamba kujomba kenako mumamupeza akuitanira mabasi pa siteshoni. Kwa atsikana ahedi amasamala koposa, chifukwa mtsikana akatha msinkhu akadali m'makalasi apansi, mwayi woti atsirize sukulu umachepa.

Chachitatu ndi malo, ndipo ichi makolo sakonda kuchimva. Chiyambire Januwale 2022, pamene boma linachotsa fizi mpaka Giredi 12, masukulu a mu Lusaka anadzaza kwambiri. Wobwereza amakhala pa desiki imene ikudikira mwana wochokera ku Giredi 3. Ahedi akakhala ndi mapempho khumi pa kalasi yodzaza kale, amasankha awiri atatu amene chifukwa chawo chikumveka. Kholo lobwera ndi mawu akuti "ndi wofooka" limabwerera chimanjamanja. Lobwera ndi pepala lija la kunyumba, n'kunena kuti malembo akuwadziwa, maphatikizo opepuka akuwerenga, olemera akugwa, ndipo Giredi 2 anaphonya matemu awiri, limamvedwa, chifukwa lawachepetsera ntchito.

Amayang'ananso mwana mwiniyo. Ali ndi anzake m'kalasimo? Ndi wamanyazi kapena wolimba mtima? Pali mng'ono wake amene akubwera ku Giredi 4 chaka chamawa? Limeneli simunanene, koma ngati alipo, ndiye ndi nkhani yaikulu. Mkulu ndi mng'ono m'kalasi imodzi, mng'onoyo n'kumaposa mkulu, chilonda chake chimafika mpaka pa mphasa yodyera. Zikatero pemphani kuti awaike m'makalasi osiyana, wina A wina B.

Pali chinanso chatsopano choti mufunse. Mu 2025 Unduna wa Zamaphunziro unayamba maphunziro atsopano, kuyambira ku makalasi a ana aang'ono, Giredi 1 ndi Fomu 1, ndipo akukwera pang'onopang'ono. M'dongosolo limenelo pulayimale imathera ku Giredi 6. Mwana akabwerera m'mbuyo chaka chimodzi amayandikira gulu latsopanolo, mwinanso kulowamo kumene, ndiye afunseni ahedi mosapita m'mbali kuti kalasi imene abwereremo idzakhala pa maphunziro ati, ndipo mayeso aboma a ECZ adzalemba ali giredi yanji.

Ndiye ine ndikuti bwanji? Zitengera pepala lanu lija.

Ngati wawerenga mawu opeka aja, ndipo ziganizo zinayi wazitsiriza ngakhale mokoka, apite ku Giredi 5. Mwana wotereyu chimene akusowa ndi kuwerenga mokweza tsiku lililonse, mphindi 20, munthu wamkulu ali pambali. Kumubweza n'kumulanga pa chinthu choti chingathe m'matemu awiri.

Ngati wagwa pa maphatikizo, kapena malembo ena sakuwadziwa, ndipo malinga ndi kalata yanu ndikuganiza kuti mumupeza pamenepa, ndiye kubwereza ndingakuvomereze, pa chifukwa chimodzi. Pa maphunziro a 2014 aja, Giredi 5 ndi pamene Chingerezi chimatenga malo a Chinyanja pophunzitsa maphunziro onse. Chinyanja chimalembedwa mmene chimamvekera, ndipo mwana wochedwa angachigwire msanga. Chingerezi sichitero, chilembo chimodzi chimamveka mosiyanasiyana. Mwana amene sanathe kulumikiza nkha m'chinenero chake, mukamuponya m'mabuku a sayansi a Chingerezi, amazimiratu. Ngati kalasiyo ikadali pa maphunziro a 2014, chaka china cha Giredi 4 chimamupatsa mpata woti atseke dzenje la Giredi 2 chitseko chisanatsekeke. Koma ndikuvomereza pokhapokha mutatchula dzina la munthu amene adzamuphunzitse maphatikizowo, ndi ola lake.

Munthu ameneyo angapezeke pasukulu pomwepo. Funsani ngati ali ndi pulogalamu ya Kachi Apu. Unduna unayamba kuiyesa mu 2016 ku zigawo za Kum'mawa ndi Kumwera, ndipo yafalikira m'zigawo zina. Ndi ya ana a Giredi 3 mpaka 5. Amawayesa mmodzimmodzi, mofanana ndi mmene ndakuuzirani, n'kuwaika m'magulu osati potengera giredi koma pamene afika: osadziwa malembo paokha, a malembo, a mawu, a ndime, a nkhani. Imeneyi ndiyo njira yokhayo imene ndikuidziwa m'sukulu yaboma yobwezera mwana ku ntchito ya Giredi 2 popanda kumukhazika ndi tiana. Onaninso kuti imafika ku Giredi 5, ndiye ngakhale ahedi akane kuti abwereze, thandizo lilipobe chaka chimodzi. Ngati pasukulupo palibe, pezani mphunzitsi wa Giredi 1 kapena 2, ngakhale wopuma pantchito wa kutchalitchi kwanu. Tiyushoni wamba wa m'komboni samalani naye. Ambiri amangothandiza homuweki ya Giredi 4 ndi kulembetsa manotsi, ndiye mumalipira kuti mwana azikoperanso. Pomulemba ntchito munthuyo, mufunseni kuti ayambira pati. Akati ayambe wamuyesa, ndi wabwino. Akati abweretse mabuku a kalasi yake, pitirirani.

Ndipo simuyenera kugamula lero. Pitani kwa ahedi masukulu asanatseke mu Disembala, mindandanda isanalembedwe, mudzere kwa aphunzitsi a kalasi kuti asamve ngati mwawadumpha. Lembani kakalata kakafupi, mutchule zaka za mwana, matemu amene anaphonya ndi zimene mwapeza pomuyesa, ndipo mupemphe kuti amusungire malo ku Giredi 4 koma amuyesenso sabata yoyamba ya Januwale. Tchuthi cha Disembala chimakwana mwezi ndi kuposerapo. Mnyamata wa zaka 10 wodziwa kubweza chenji, akamaphunzira maphatikizo theka la ola tsiku lililonse, maphatikizo awiri kapena atatu atsopano patsiku, kuwerenga ndi kulemba zomuuza pakamwa, angachoke pa ma, te, ku kufika pa ziganizo zazifupi m'nthawi imeneyo. Sakhala katswiri, koma chigamulo chingasinthe. Ahedi ambiri amakonda pempho lotere kuposa lakuti abwereze basi, chifukwa likuwasiyira mpata. Akakana zonse popanda kumuona mwana, mungathe kukafotokoza ku ofesi ya DEBS, yoyang'anira masukulu a m'dera lanu, koma ine sindingathamangireko. Mwana wanu adzakhalabe m'manja mwa anthu omwewo.

Mwezi umenewo ndi mayesonso a chinthu china. Ngati waphunzitsidwa bwino tsiku ndi tsiku koma phatikizo la dzulo lero laiwalika, b ndi d akusinthanitsabe, mawu omwe wawawerenga pamzere wapamwamba pansi sakuwazindikira, ndiye kuti Katete si chifukwa chokhacho. Pali ana anzeru ndithu amene ubongo wawo umavutika kugwirizanitsa chilembo ndi kamvekedwe kake, vuto lotchedwa disilekisiya. Chimodzimodzi mwana uja wolephera ngakhale nkhani yongomvera. Oterewa kubwereza sikuwathandiza ngakhale pang'ono, amafunika kuyezedwa ndi kuphunzitsidwa mwa njira yawo. Pemphani aphunzitsi a uphungu kapena a maphunziro apadera pasukulupo kuti akulembereni kalata. Muno mu Lusaka muli koleji ya ZAMISE, imene ntchito yake ndi maphunziro apadera, ndipo ku UNZA kulinso akatswiri a zimenezi.

Anzanu ena akuuzani kuti mumusamutsire ku pulayiveti akabwerezere kumeneko, kuti asachite manyazi. Manyazi amachepadi. Koma masukulu ambiri apulayiveti amaphunzitsa m'Chingerezi kuyambira pansi, ndiye mwamulanda Chinyanja chimene chikanamutsegulira msanga. Enanso amabweza mwana aliyense wochokera kuboma giredi imodzi kapena ziwiri asanamuyese n'komwe, ndipo chaka chilichonse chowonjezera ndi fizi yotuluka m'thumba mwanu. Ngati mwasankha kumeneko, kaoneni kalasi yeniyeniyo, muwerenge ana, mufunse amene adzamuphunzitse kuwerenga.

Akabwereza, mumuuze ndinu, atate ake ali pomwepo, asakamvere pa mzere tsiku lotsegulira. Mawu akuti walephera asatuluke, chifukwa si zoona. Muuzeni zimene zinachitikadi: tinapita kukadwazika agogo, anzako anaphunzira zinthu iwe kulibe, tikufuna uzipeze. Azibale ake muwachenjeze, poti chipongwe cha pakhomo chimapweteka kuposa cha kusukulu. Pemphani kuti akhale kutsogolo, ndipo ngati n'kotheka apatsidwe mphunzitsi wina, osati chifukwa woyambayo analakwa, koma kuti asalowe m'kalasi atadziwika kale kuti ndi uja wa nambala 63.

Pepala la kunyumba lija mulisunge, mulembepo deti. Pakati pa temu yoyamba mumuyesenso ndi mawu ena opeka ndi ziganizo zina, ndipo pamapeto a temu muchitenso. Lipoti la temu imeneyo lidzaoneka bwino ndithu, mwina afika nambala 30, chifukwa mafunso ena akuwakumbukira. Musalikhulupirire kwambiri. Chimene mukufuna kuona n'chakuti amene ankagwa pa nkha mu Disembala akuwerenga ndime pofika Epulo. Ngati pofika nthawi imeneyo akadali pamene anali, bwererani kwa ahedi ndi mapepala onse atatu mukapemphe kalata yokamuyezetsa.